Zaka zitatu tisakulankhulana ndi mnzanga, lero ndamva kuti mayi ake amwalira. Ndipite?

Make Tadala: Mwaswera bwanji nonse muno. Pepani ndilemba zambiri koma mutu wanga sukugwira. Ndili ndi mnzanga amene tinadziwana tili folomu 1, tinkagona bedi limodzi ku hositelo, pa ukwati wanga ndi amene ankathamangathamanga ndi zonse, ngakhale dzina la mwana wanga woyamba anatcha ndi iyeyo. Mu 2021 cha mu Seputembala anandikongoza K200,000 kuti ndiwonjezere ndikatenge belo la kaunjika ku Limbe, mwatsoka belo lake linatuluka majuzi okhaokha nyengo yotentha ngati imeneyo, enanso ong'ambika. Ndinakwanitsa kubweza K80,000, yotsalayo K120,000 inandikanika. Mu Febuluwale 2022 anabwera pabenchi panga kumsika kudzaitanitsa, tinakangana koopsa anthu akuonerera, kuchokera tsiku limenelo zii. Anandibuloka pa WhatsApp, inenso mwaukali ndinafufuta nambala yake ngakhale ili m'mutu mpaka pano. Nde lero m'mawa ndaona pa sitetasi ya msuweni wake kuti mayi ake atisiya, maliro aika mkuja kumudzi ku Chiradzulu. Mayi amenewa ankanditenga ngati mwana wawo, nsima yawo ndadya kosawerengeka. Ndipite? Ndikapita ndikanene chani? Nanga ndalama ija ndipite nayo?

Nambewe: Pepani asisi. Koma ine ndinene chilungamo, zaka zitatu muli phee ndi ndalama ya mwini, lero mukatulukire pamaliro? Akakuchititsani manyazi pagulu inu. Tumizani chipepeso kudzera kwa msuweni wakeyo basi mukhale kwanu.

Achimwene a ku Joni: Nkhani yake ndi ndalama iyi palibe zina. Mutumizireni pa Airtel Money lero lomwe K120,000 yakeyo, panopa akuifunitsitsa, bokosi, thiransipoti, ufa, zonse ndi ndalama. Akaona meseji yalowa mtima ugwa wokha. Ine ndinadana ndi mnzanga kuno chifukwa cha ndalama ya lenti, tinkakhala chipinda chimodzi iye anathawa osalipira miyezi iwiri, tsiku lomwe anandipatsa ma randi anga madzulo ake tinali tikuwotcha nyama limodzi kkkk

Dalitso wa 25: Koma mayi ngati anakubulokani ndekuti ali ndi wina ameneyo, mamuna akatopa nawe amatero. Musiyeni muona zina

Nambewe: Iwe Dalitso werenga bwino, akunena mnzawo wamkazi. Mamuna anagona naye bedi limodzi ku hositelo ya atsikana?

Dalitso wa 25: Aaa pepani ndinangowerenga mwamba mwamba, ndili mu minibasi

Anti Nasibeko: Mwana wanga pepa ndi zovutazi. Kumaliro pita, pamenepo usafunsenso munthu. Maliro saitanira, ndipo sukupita kwa mnzakoyo, ukupita kukaperekeza mayi amene anakudyetsa. Ukapanda kupita, mkangano wa kumsika uja anthu adzaiwala koma zoti sunabwere pamaliro a mayi ake sadzaiwala, iyeyonso sadzaiwala. Koma ndisanapitirire ndikufunse kaye. Ine ndakhala pa nkhani za amayi kumpingo zaka zambiri, sindinaonepo anthu ogona bedi limodzi atayana zaka zitatu chifukwa cha K120,000 yokha. Pabenchi paja unamunena chani? Usandiuze zoti "tinakangana", ndiuze mawu amene anatuluka mkamwa mwako.

Make Tadala: Anti tonse tinalankhula zoipa, iyenso anandinena kuti ndine wakuba pamaso pa makasitomala

Anti Nasibeko: Zake ndamva. Ndafunsa zako.

Make Tadala: Eee. Chabwino ndinena poti muno simukumudziwa. Mnzangayu ali pabanja zaka zambiri koma mphatso ya mwana sanapatsidwe, anapitako padera kawiri, kachiwiriko ndi ine ndinkamudikirira kuchipatala. Nde atanditchula wakuba ine mutu unatentha ndinati "ndalama ukuilirira chonchi ukufuna ukadyetse ndani, mwana ulibe". Anangondiyang'ana osayankha nkutembenuka kumapita. Azimayi a mabenchi oyandikana nane onse anamva.

Nambewe: Mayo ine. Asisi apa nde munalasa pachilonda penipeni

Achimwene a ku Joni: Hmmm ayi ndabweza mawu anga, iyi si ya Airtel Money

Anti Nasibeko: Wachita bwino kunena. Tsono ukuona kuti nkhani zako ndi zitatu, ndipo ukaziphika mumphika umodzi zonse zipserera. Pali maliro, pali ngongole, pali mawu aja. Maliro ndi a mkuja. Ngongole ndi mawu si za mkuja, usakazitchule nkomwe, ngakhale mpata utaoneka ngati wapezeka.

Ukapite mawa, usadikire tsiku loika. Ofika tsiku loika ndi alendo, amakhala pamphasa kudikira nsima. Iwe ukagone pasiwa ngati mwana wa pakhomopo. Tenga chitenje, ukafika lowa m'nyumba momwe muli azimayi ukhale pansi ulire maliro monga achitira aliyense, ukampeza mnzakoyo mugwire dzanja unene "pepa" kamodzi basi. Akakuyankha, chabwino. Akayang'ana kumbali, chabwinonso, usaumirire, usagwade pamapazi pake nkuyamba kulira mokuwa kuti ndikhululukire, pamenepo anthu asiya kulira mayi aja ayamba kuonerera inu awiri, ndipo iye akakamizika kukukumbatira chifukwa cha maso a anthu mtima usakufuna. Chikhululuko chotero sichifika ndi kumanda komwe. Ukatero tuluka upite kuseri kumene akuphika, katunge madzi, katsuke mbale, kapale moto. Akuone uli ndi ndowa pamutu osati uli pambali pake kumuyang'anitsitsa nkhope.

Chipepeso kapereke kwa amene akulemba m'kope, ndalama yoti ungakwanitse, kaya K10,000 kaya K15,000, ilembedwe dzina lako monga ena onse. Usakaike K120,000 m'mbale ya chipepeso. Akamawerenga mayina anthu adzati eee Make Tadala wapereka zambiri, pamene iye akudziwa kuti ndi ndalama yake yomwe ukutchukira nayo pamaliro a mayi ake. Pamenepo ndiye wamupsetsa mtima kachiwiri.

Aphunzitsi Opuma: Anti anena zomveka. Ine ndingowonjezera pa ndalamapo poti tsiku lobweza lidzafika. Mayi, K120,000 ya 2021 si K120,000 ya lero. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Nthawi imene munkakongola dola imodzi kubanki inali cha m'ma K800, pofika kumapeto a 2023 inali K1,700. Ndiye kuti mukamupatsa K120,000 yomweyo mwamubwezera mwina theka la zomwe anakupatsani. Inu nomwe mumagulitsa kaunjika, belo lomwe munatenga nthawi ija panopa likugulidwa zingati? Yankho mukulidziwa.

Achimwene a ku Joni: Nde 25 kuphatikiza 44 ndi 69, awonjezere 69 peresenti basi, ikhala K200,000 ndi kakanthu

Aphunzitsi Opuma: Saphatikiza choncho achimwene, yachiwiriyo inagwera pamwamba pa yoyamba, komanso pakati pake kwacha inkatsikabe pang'onopang'ono. Njira yachidule ndi kuyang'ana dola: kuchoka pa 800 kufika pa 1,700 ndi kawiri nkupitirira. Ndiye chilungamo chake chili cha m'ma K250,000.

Nambewe: Aphunzitsi mwayamba masamu pamaliro kkkk. Koma zoona zake munthu akakukongoza mwaubale sawerengera dola, imeneyo nde katapila tsopano. Akhozanso kukwiya kuti ukundiyesa wakatapila ine?

Make Tadala: K250,000 pakamodzi sindingaipeze olo nditagulitsa benchi lonse. Panopa ndili ndi K90,000 ya oda, ndipo ku banki mkhonde tigawana mwezi wamawa ndikuyembekeza kulandira yoposa K100,000 pang'ono

Anti Nasibeko: Za kuchuluka kwake tidzakambirana ukabwerako. Panopa konzeka ulendo. Chinthu china, usanyamule chakudya chophikaphika kuti ukampatse iyeyo pamanja. Ndikudziwa mtima wako ndi woyera koma munthu amene mwakhala zaka zitatu osalankhulana akakubweretsera mandasi, achibale amayamba kunong'onezana, mawa akadwala m'mimba dzina ndi lako. Ngati ukufuna kunyamula kanthu tenga shuga wa m'paketi, mchere, sopo, ukapereke kwa azimayi ophika.

Dalitso wa 25: Koma zimenezi zilipodi, agogo anga anataya nkhuku yonse yootcha chifukwa anabweretsa ndi munthu amene anakangana naye za malire a munda. Ife tinalira nkhukuyo kuposa mkanganowo

Make Tadala: Ndabwerako dzulo usiku anzanga, thupi lonse likuwawa. Ndinachita monga ananenera Anti. Nditalowa m'nyumba anandiona, ndinamugwira dzanja ndikuti pepa mwali, sanachotse dzanja koma sanandiyang'anenso, anangoti "zikomo mwabwera". MWABWERA. Munthu amene moyo wonse timatchulana iwe, mpaka mayina achipongwe, lero akunditchula inu ngati mlendo wochokera ku boma. Zinandibaya kuposa akanangonditukwana. Usiku onse ndinali kumoto ndi azimayi, m'mawa kutunga madzi kumjigo. Azakhali ake anandizindikira nkunena mokweza kuti "aka si kamwana kathu kaja, unasowera kuti iwe", ine manyazi osadziwa poyang'ana. Pochoka ndinakamutsanzika anati "muyende bwino". Basi. Nde kaya pamenepa zatheka kaya zakanika sindikudziwa

Nambewe: Ine ndinanena. Inu ameneyo ndi mpanda asisi, wakuikirani malire

Anti Nasibeko: Ndi mpanda inde, koma sanakuthamangitse ndipo dzanja sanalichotse. Pamaliro a mayi ake umayembekeza chani, akuseke? Zayenda momwe zimayenera kuyendera. Iwenso uzimutchula inu mpaka tsiku limene adzayambe yekha kunena iwe, usatsogole. Ndi chizindikiro chabwino choonera pamene mwafika, chimaposa mawu onse amene angakuuze.

Tsono dikira. Asese kaye, abwerere kutauni, alendo opepesa achepe. Masabata atatu kapena mwezi. Usapitirirenso miyezi iwiri chifukwa kubwera kwako kumaliro kudzazizira, adzati anangobwera kudzaonetsa nkhope. M'masabata amenewa peza munthu wokuyendera pakati. Osati msuweni wa sitetasi uja, achinyamata nkhani amaifikitsa itasanduka ina. Osatinso amuna ako kapena ake, amuna akalowapo imasanduka mlandu wa mabanja awiri. Akhale mzimayi wamkulu amene iyeyo amamulemekeza, amene sanalowerere mbali pa mkangano uja, ndipo wosunga pakamwa. Azakhali anakuzindikira aja akumveka ngati angathe. Kwa iwowo ukanene zonse, ndi mawu aja omwe osabisa, chifukwa ukawabisira akakamva kwa mwini wake adzaona ngati unawapusitsa. Ntchito yawo ndi imodzi yokha, kukafunsa kuti "mnzako akufuna adzakuone, abwere liti ndipo kuti?" Asakapepese m'malo mwako. Tsiku ndi malo asankhe iyeyo.

Make Tadala: Nanga ndikangolemba meseji yaitali pa nambala ina? Pamaso ndikuopa ndikangoyamba kulira osalankhula zomveka

Aphunzitsi Opuma: Kalata ili ndi ubwino wake, munthu amawerenga payekha mopanda kukakamizidwa kuyankha nthawi yomweyo. Kale tinkatero.

Anti Nasibeko: Kalata ya kale inkabwera ndi munthu aphunzitsi, inkagogoda pakhomo. Iyi yolowera pa nambala yachilendo pamene munthu anakubuloka ili ngati kulowera pawindo chitseko atakutsekera. Komanso meseji imasungika, amaiwerenga kakhumi tsiku limene wakwiya nkupezamo mawu amodzi olakwika, kenako aitumiza kwa anzake kuti taonani zomwe walemba. Kulira usaope, lira, koma mawu ofunika ndi ochepa uwakonzeretu. Utchule chimene unanena. Osati "pepa pa zonse zinachitika", zonse zake ziti? Osati "ngati ndinakulakwira", ngati wa chani pamene ukudziwa. Unene kuti ndinakunena za mwana pamaso pa anthu, ine amene ndinali nawe kuchipatala, ndinalakwa ndipo palibe chimene unachita choyenera mawu amenewo. Ukafika pamenepo tseka pakamwa. Mawu akuti "koma" asatuluke. Ukangoti "koma nawenso unanditchula wakuba" wafufuta zonse, mwayambiranso pabenchi paja.

Nambewe: Apa nde sindikugwirizana nazo Anti. Iyenso analakwa, kumutchula mnzako wakuba pamsika pamene amapezera chakudya ndi zazing'ono? Makasitomala ena anathawa mwina. Bwanji apepese mmodzi yekha ngati kapolo? Ubwenzi wotero ukadzabwerera mmodzi adzakhala pamwamba mpaka kale

Anti Nasibeko: Analakwa inde. Koma taika pasikelo mwana wanga Nambewe: wina ananena wakuba kwa munthu amene analidi ndi ndalama yake miyezi isanu, wina ananena za mimba ziwiri zimene zinachoka. Sizilemera mofanana. Akakhala munthu wabwino adzapepesa yekha zake, mwina tsiku lomwelo mwina chaka chamawa. Kupepesa kochita kusinthanitsa ngati tomato ndi anyezi sikugwira.

Nambewe: Mwina. Koma ine ndinapepesapo chonchi kwa mnzanga wina, mpaka lero amandikumbutsa pagulu kuti "paja unabwera wekha kudzagwada". Anthu ena ukawapatsa mpata amakukwera pamutu

Achimwene a ku Joni: Zimenezo ziliko. Komanso funso langa, mu 2023 nthawi ya Freddy munamufunsako? Paja mwati amakhala mbali iti?

Make Tadala: Amakhala ku Chilobwe achimwene. Eee mwandikumbutsa chinthu chimene chimandidya. Usiku umene matope anatsika m'phiri la Soche ndinagwira foni kangapo, nambala ndinailemba mpaka kumapeto koma sindinaimbe. Ndinangofunsa kwa anthu ena nkumva kuti ali moyo, nyumba yawo inagwa khoma limodzi. Sindinapite

Achimwene a ku Joni: Imeneyonso muitchule. Ine kuno zikavuta, anthu akamathamangitsa obwera, amene sanandiimbire ndimawakumbuka bwino kuposa amene anandiimbira. Kukhala chete nakonso kumasanduka mlandu pakokha

Anti Nasibeko: Achimwene apa mwalasa. Zaka zitatu zimenezi si dzenje lopanda kanthu, muli zinthu zimene iye anawerenga: Freddy sunabwere, mayi ake akudwala sunabwere. Uzitchule mwachidule pambuyo pa mawu aja, usadziteteze.

Tsono ndalama. Ibwere pambuyo pa kupepesa, tsiku lomwelo koma kumapeto, pochoka. Ukayamba ndi envulopu zioneka ngati ukugula chikhululuko. Ukapitanso chimanjamanja adzati pakamwa pokha, ndalama yanga ili kuti. K120,000 yonse ikwane, osati theka, dikira banki mkhonde igawidwe uphatikize ndi ya odayo ngakhale benchi lichepe katundu mwezi umodzi. Za aphunzitsi zija ndi zoona koma usapite ndi masamu a dola. Ika K120,000 mu envulopu yake, unene kuti iyi ndi ngongole ija. Kenako unene kuti ndikudziwa ndalama inagwa mphamvu, ndidzawonjezera mwakuti pofika mwezi wakuti, utchule chimene ungakwanitsedi. Akakana usakakamize, fupa lokakamiza limaswa mphika. Akavomera, tsiku limene walonjezalo lisaphonye olo ndi tsiku limodzi, chifukwa chimene chinayambitsa zonsezi ndi lonjezo losasungidwa.

Aphunzitsi Opuma: Ndipo azakhaliwo aone envulopu ikuperekedwa. Si kukayikira munthu, koma ngongole yobweza popanda mboni imadzukanso.

Dalitso wa 25: Funso langa lopusa, nanga azimayi a kumsika amene anamva aja? Iye ananyozeka pagulu koma kupepesa kukachitikira kuchipinda, zikukwana?

Nambewe: Lero Dalitso wawerenga mpaka kumapeto kkkk

Anti Nasibeko: Si lopusa, ndi lovuta kuposa onse. Kwathu amati chonyozera pabwalo chimapepesedwa pabwalo. Koma nkhani yake iyi ndi ya uchembere, ukakaimirira pamsika nkunena kuti ndinalakwa kumunena kuti alibe mwana, wabwerezanso mawu omwewo pagulu, amene anaiwala akumbuka. Ine ndingati amufunse mwini wake kuti kwa azimayi aja ndikanene kapena ndisiye. Ena amafuna dzina lawo litsukidwe pomwe linadetsedwa, ena safuna kumvanso. Pamenepa ndilibe yankho limodzi.

Aphunzitsi Opuma: Ine ndikanati akawauze mmodzimmodzi mwakachetechete, osadikira kufunsa. Koma ndi maganizo chabe.

Make Tadala: Anzanga ndabweranso patapita nthawi, ndinalonjeza kuti ndidzakuuzani. Azakhali aja anavomera, anapita kawiri. Ulendo woyamba mnzanga anakana, anati sindinakonzeke. Ndinafuna kutaya mtima koma azakhali anati dikira, patatha masabata awiri anawaimbira yekha kuti ndibwere Loweruka masana amuna ake akakhala kulibe. Ndinapita ndi azakhaliwo. Anatiyalira mphasa pakhonde, m'nyumba sanatilowetse. Ndinanena monga tinapangira, mawu aja ndinawatchula, kukhosi kunauma koma ndinawatchula, za Freddy ndinanenanso. "Koma" anafika pamlomo penipeni ndinamumeza. Iye anakhala chete nthawi yaitali akutokosa mphasa ndi kamtengo, kenako anayamba kulankhula, anthu inu analankhula pafupifupi ola lathunthu. Zina sindinkazidziwa nkomwe. Akuti ndalama ija sinali yake yokha, K100,000 anatenga kwa amuna ake osawauza, inali yoti apite nayo kukaonana ndi dokotala wa azimayi, nde tsiku limene anabwera kumsika anali atakangana kunyumba usiku wonse. Ine nkumunena zimene zija tsiku lomwelo. Akutinso mawu anga anafika kwa apongozi ake kudzera mwa mzimayi wina wa kumsika ndipo anawagwiritsa ntchito pomunyoza. Ndinangokhala ndikulira osayankha kanthu. Envulopu analandira, anawerenga pamaso pa azakhali, zowonjezera anakana anati sindine wakatapila, apa Nambewe munalondola. Za azimayi akumsika anati zisiyeni musazidzutse. Pomaliza anati "ndamva, ndakukhululukirani poti ndine mkhristu, koma zoti tikhale ngati kale musandifulumizitse". Zoti wakuba sanapepese. Tiyi anatipatsa. Sanatiperekeze, anangoima pakhonde

Nambewe: Mwaona, zake sanapepese. Koma ndalama ya dokotala ija yandikhudza, sindinaganize

Achimwene a ku Joni: Nanga wakumasulani pa WhatsApp?

Make Tadala: Ayi ndikadali wobulokedwa. Ndimayang'ana tsiku lililonse ngati chithunzi chake chabwerera, palibe

Anti Nasibeko: Siya kuyang'ana, udwala nazo. Wachita mbali yako yovuta, yotsalayi ndi yotopetsa chabe. Usayambe kupita sabata iliyonse, usamutumizire mavesi m'mawa uliwonse kudzera mwa anthu, ndipo chachikulu usadzamupemphenso kanthu, olo K500 ya minibasi, kwa nthawi yaitali. Zinsinsi zakenso usazifunse, za chipatala usayambitse iwe. Kamodzi pamwezi kokwanira, kanthu kakang'ono kokhala ndi chifukwa: ukapeza diresi la saizi yake mu belo mpatsire azakhali, akadzakonza zomanga manda a mayi ake ukasonkhe nawo ndipo ukapezekeko. Ndikuuziretu, mwina simudzagonanso bedi limodzi. Ena amabwerera mpaka pa iwe, ena amathera pa moni wabwino ndi kuyenderana pamavuto, ndaonapo zonse ziwiri ndipo poyamba sungadziwe kuti yako ndi iti.

Aphunzitsi Opuma: Ine pa zowonjezera zija ndikadaumirirabe. Wakana ndi pakamwa, koma ndalama ya dokotala inatayika theka. Ipezereni njira ina yoti ifike.

Anti Nasibeko: Akazindikira kuti ndi ndalama yomwe anakana yabwera itavala chitenje china akwiya aphunzitsi. Ine ndingasiye.

Aphunzitsi Opuma: Apo tisiyana maganizo mayi.

Make Tadala: Pali kanthu kena ndaiwala. Tikunyamuka anafunsa azakhali, osati ine, kuti "Tadala ali kalasi yanji pano?" Ndinayankha ndine kuti sitandade 6. Anangogwedeza mutu nkuti wakula. Nde ndikuganiza ulendo wina ndipite naye mwanayo, paja dzina anamutcha ndi iyeyo, kapena zioneka ngati ndikukamuonetsa kuti ine mwana ndili naye?

Nambewe: Eee pamenepo samalani asisi

Dalitso wa 25: Ine ndikuona ngati wamusowa mwanayo, sakanafunsa

Anti Nasibeko: Usapite naye wekha. Uwauze azakhali akamuuze kuti Tadala amafunsa za anti ake, ngati amafunsadi, usanamizire mwana. Akafuna kumuona aitanitsa yekha.

Make Tadala: Amafunsadi, chithunzi cha pa ubatizo wake atamunyamula chikadali pakhoma sindinachichotse. Ndiwaimbira azakhali mawa ndikaweruka kumsika